PS4, kompyuta kapena foni: mmene ndinasankhira ndili ndi K450,000 yokha

Ine magemu ndinayamba mochedwa kwambiri. Nthawi imene anzanga ankathera ndalama ya mandasi mu timashopu ta PS ku Ndirande, ine ndinali wa mpira wa pafumbi basi, padi sindinkaidziwa nkomwe kagwiridwe kake. Amene anandiyambitsa ndi mlamu wanga, ndinkapita kwawo Lamlungu masana ndipo ankandichinya zigoli zochititsa manyazi pa FIFA 23 mpaka ndinati ayi, ndipeze changa ndizikaphunzirira kunyumba. Kumayambiriro kwa 2024 ndinalandira chipeleganyu, nditachotsa za fizi ya mwana ndi zina zapakhomo ndinatsala ndi K450,000. Kumbukirani kuti kwacha inali itangogwa ndi 44% mu Novembala 2023, ndiye chilichonse chochokera kunja chinali chitakwera, mitengo yomwe anthu ankandiuza ya chaka chathacho inali nthano chabe. Nambala imeneyi musaitenge ngati mtengo wa lero, chomwe mungatolepo ndi kawerengedwe kake.

Aliyense amene ndinamufunsa ankatamanda chake. Wa kompyuta akuti PS ndi ya ana, wa PS akuti kompyuta ndi mutu wokhawokha, mphwanga naye akuti achimwene mungogula foni yabwino basi zonse zili momwemo. Palibe ngakhale mmodzi anandifunsa kuti kodi ndikufuna kusewera gemu yanji komanso ndi ndani, chonsecho nkhani yonse yagona pamenepo. Ine yankho langa linali lachidule, ndinkafuna mpira, anthu awiri pampando umodzi, mapadi awiri, wina akachinyidwa tizimuseka ali pomwepo. Zowomberana ndi anthu a pa intaneti sizinkandisangalatsa. Mukangoyankha funso limeneli moona mtima chimodzi mwa zitatuzi chimadzichotsa chokha, kwa ine foni inachoka pomwepo chifukwa anthu awiri simungapanikizane pa kasikirini kamodzi.

Koma foni ndisainyoze, chifukwa kwa mphwanga uja inali yankho lenileni. Iye anzake onse a kusukulu ali pa Free Fire, ndipo gemu imeneyo pa PS4 palibe, akanagula PS akanakhala yekhayekha pa balaza anzake akusangalala kwina. Foni ilinso ndi ubwino woti gemu zake zambiri zotchuka ndi zaulere, eFootball, Dream League Soccer, PUBG Mobile, Call of Duty Mobile, sufuna tivi, sufuna padi, ndipo ndi foni yomweyo yoimbira ndi kulandirira ndalama ndiye kunyumba sakufunsa mafunso ambiri.

Pomwe anthu amapusitsidwa ndi pa zolemba za pakatoni. Mukaona alemba 8GB RAM ndi zilembo zikuluzikulu, yang'anani pansi pake, nthawi zambiri pamakhala timalemba tating'ono takuti 4GB+4GB. Yeniyeni ndi 4 yoyambayo, inayo amangobwereka ku malo osungira zithunzi ndipo ndi yochedwa, pa gemu sikuthandizani kwenikweni. Chachiwiri ndi pulosesa, yomwe ogulitsa ambiri saitchula, amangokuuzani za kamera. Foni za Helio A22 kapena Unisoc SC9863A ndi zoimbira ndi WhatsApp, gemu yolemera imadukaduka. Zoyambira pa Helio G85 kupita ku G99 ndiye zimayesetsa pa mtengo wotsika. Ifeyo pogula ya mphwanga tinaikamo kapulogalamu ka CPU-Z pashopu pomwepo, kamaonetsa dzina la pulosesa ndi RAM yeniyeni, wogulitsa anayamba wakana koma titanyamuka kuti tizipita anatiitananso. Malo osungira akhale 128GB, ya 64GB imadzadza msanga magemu awiri atatu akangolandira maapudeti. Ndipo ngati ndi yakale sewerani kaye mphindi makumi awiri, foni yotopa imayamba bwinobwino kenako ikatentha kumsana imadzichepetsa liwiro yokha, mumangoona osewera akuyenda modumphadumpha.

Ndiye kwa ine mpikisano unatsala pakati pa kompyuta ndi PS4 yakale. PS5 sindinaiganizireko, ndalama yanga sinkafika olo theka.

Kompyuta inandikopa kwambiri poyamba, chifukwa ndinkaganiza kuti ndizilemberapo za kuntchito, mwana aziphunzirirapo, madzulo ndizimenya gemu, ndipo kwa mayi akunyumba zinali zosavuta kufotokoza kusiyana ndi PS. Njira yotchipa yomwe ambiri amatsata ndi kugula kompyuta yakale ya muofesi, ma Dell OptiPlex kapena ma HP aja, ya pulosesa ngati i5-4570 ndi RAM ya 8GB, kenako nkuikamo khadi ya zithunzi. Khadi yomwe imakondedwa pa makompyuta amenewa ndi GTX 1050 Ti ya 4GB, chifukwa imadya mawati 75 okha ndipo mitundu yake yambiri imatenga moto pa bolodi pomwepo osafuna waya wina. Mfundo imeneyi ndi yofunika chifukwa kabokosi ka moto ka m'makompyuta a muofesi ndi kakang'ono, ena mawati 240 kapena 255, ndipo alibe waya wodyetsera khadi yaikulu. Komanso ambiri mwa makompyutawa ndi opyapyala, khadi wamba silowa, pamafunika yaifupi yomwe pa intaneti amailemba kuti low profile, ndipo imeneyo kuno imasowa komanso imadula kuposa inzake.

Ndinakaona imodzi mu Limbe yomwe ankaiitanira kuti ndi ya magemu, anaiika timagetsi tofiira ndi tobiriwira mkati, kuwala ngati zenizeni. Mnzanga amene amakonza makompyuta anali atandiuziratu chochita, kudina batani la Windows pamodzi ndi R kenako kulemba izi:

```
dxdiag
```

Pamatuluka windo, mbali ya System imakuuzani pulosesa ndi RAM, mbali ya Display imakuuzani khadi. Ija inalemba GT 710. Khadi imeneyo ndi yongotulutsira chithunzi pa sikirini, mpira wa masiku ano siingaunyamule, ngakhale wogulitsa ankalimbikira kuti ndi 2GB bwana. Ma GB a khadi paokha sanena mphamvu yake, yang'anani dzina lonse. Ngakhale GT 1030 ilipo mitundu iwiri, ya GDDR5 ndi ya DDR4, dzina limodzi koma ya DDR4 ndi yofooka kwambiri.

Chomwe chinandigwetsa ulesi nchakuti nditayang'ana zomwe EA Sports FC 24, gemu ya mpira yomwe inalowa m'malo mwa FIFA, imafuna pa kompyuta, pansi penipeni analemba i5-6600K, RAM ya 8GB, GTX 1050 Ti ndi malo okwana 100GB. Kutanthauza kuti ngakhale ndikanapeza khadi yabwino ija ndikanakhala pa mzere wapansi, pulosesa yanga ili pansi pa mzerewo. Pa PS4 gemu yomweyo ikangolembedwa kuti PS4 pachikuto ndiye kuti iyenda, palibe zowerenga manambala. Onjezerani monita, kiyibodi, mapadi awiri, ndalama yanga inali itatha khadi ndisanagule. Pena pake makompyuta akale chonchi Windows 11 sawavomereza mwalamulo, imayambira pa mapulosesa a Intel a m'badwo wa 8, ndipo Windows 10 Microsoft inasiya kuisamalira mu Okutobala 2025. Kwa munthu amene ali kale ndi kompyuta yabwinoko kunyumba, kungogula khadi yokha kumatchipa kuposa china chilichonse, ndipo magemu a pa Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, amatsika mtengo kwambiri nthawi ya maselo, sitolo inzake ya Epic nayo imagawa gemu yaulere sabata iliyonse. Koma kuyambira pa ziro ndi ndalama yochepa, ukusewera koyamba, wopanda mnzako wodziwa kutsegula kompyuta, ine sindingalimbikitse.

Tsopano zinthu ziwiri zomwe mavidiyo a anthu akunja satchula chifukwa kwawo si nkhani, data ndi magetsi.

Za data anthu amazimva mozondoka. Kusewera pa intaneti pakokha sikudya bandulo kwambiri, ola lathunthu la mpira limatha ma MB makumi angapo basi, kuonera mavidiyo pa foni kumadya kuposa pamenepo. Chimene chimapha ndi kudawuniloda. Gemu imodzi yaikulu ya PS4 kapena kompyuta ndi 40GB, 50GB, zina kupitirira 100GB, ndiye apudeti iliyonse ma GB angapo. Tengani mtengo wa bandulo ya 50GB pa netiweki yanu muuike pamwamba pa mtengo wa gemuyo, ndiwo mtengo wake weniweni. Nchifukwa chake Xbox Series S ndinaisiya ngakhale ndi yatsopano, ya 2020, komanso yamphamvu kuposa PS4. Ilibe polowetsa disiki, gemu iliyonse ndi yodawuniloda, ndipo pa 512GB yomwe amalemba zomwe mungagwiritse ntchito ndi pafupifupi 360GB, mukafufuta gemu kuti mupeze malo tsiku lina mudzailipiranso bandulo. Amene ali ndi intaneti yopanda malire kunyumba kapena kuntchito kwawo amalola kubwera nayo, kwa iyeyo ndi makina abwino. Ine ndimadalira kaMiFi. Pa kompyuta vuto ndi lomwelo, madisiki anatha kalekale. PS4 ndiye disiki mumalowetsa, imakopera yokha mkati, mukusewera popanda intaneti olo pang'ono, mukatopa nayo mumasinthana ndi mnzanu kapena kugulitsa. Madisiki ake alibenso malire a dziko, yochokera ku Joni kapena ku UK imayenda chimodzimodzi.

Magetsi ndinachita kuwerengera papepala. PS4 Slim ikamasewera imadya mawati pafupifupi 80, tivi yanga ya mainchesi 32 pafupifupi 45, tingoti zonse pamodzi 130. Maola atatu patsiku kwa mwezi ndi mayunitsi 12 kapena kuchepera, si zoopsa. Funso lenileni ndi la nthawi yomwe azima. Kunyumba tili ndi batire ya 12V 100Ah ndi kainveta, tinagula mu 2022 namondwe Ana atawononga Kapichira mdima utachuluka. Batire imeneyo papepala ndi 1200Wh, koma ya asidi sufuna kuitsitsa kupitirira theka ngati ukufuna ikhalitse, ndiye 600Wh, inveta nayo imadyapo zake, zotsala zimayendetsa PS4 ndi tivi maola anayi ngati sitiyatsa china. Kompyuta ija ndi monita yake ikanadya pafupifupi mawati 200, maola osakwana atatu. Foni apa ndiye imapambana kutalitali, pawabanki ya 20000mAh imadzadzitsa foni kawiri kapena katatu, kasola kakang'ono nkokwanira. Ngati kwanu kulibe magetsi odalirika ndipo mulibe batire, kunena zoona nkhani ya PS ndi kompyuta isiyeni kaye, ndalamayo ikani pa foni ya pulosesa yabwino ndi pawabanki.

Ndinasankha PS4 Slim ya 500GB. Mitundu ilipo itatu, yoyamba yonenepa ya 2013, Slim ndi Pro za 2016. Yonenepa imatchipa koma ndi yokalamba ndipo zoyambirira zimadya moto wambiri, Pro imadula ndipo ubwino wake umaoneka pa tivi ya 4K yomwe ine ndilibe. Kuti musanamizidwe yang'anani nambala yolembedwa pa makinawo, Slim imayamba ndi CUH-2, Pro ndi CUH-7, yoyamba ija CUH-1. PS3 ena anandiuza kuti ndi yotchipa kwambiri, zoona, koma mpira wake unathera pa FIFA 19.

Kagawidwe ka ndalama kanali kotere, K340,000 makina ndi padi imodzi, K45,000 padi yachiwiri yakale, K40,000 disiki ya FIFA 23 yakale, yotsalayo ndinagula kotetezera magetsi kaja timaika pa filiji ndi bandulo yoyambira. FC 24 yatsopano sindinaigule, mpira wa chaka chatha umatsika mtengo kwambiri watsopano ukangotuluka, ndipo kwa munthu amene akuphunzira batani lopasira ndi lowombera kusiyana kwake ndi mayina a osewera basi. Mfundo ndi yakuti musathere ndalama yonse pa bokosilo, siyani gawo limodzi mwa magawo anayi la zotsatira zake.

Pogula ya m'manja mwa munthu ndi pomwe pamafunika kudekha. Yoyamba yomwe ndinakaona mnyamata wake anaiyatsa nkundionetsa magemu khumi ndi awiri ali kale mkati, mtengo nkukwezerapo chifukwa cha magemuwo. Mlamu anatenga padi nkulowa pa Settings kenako Account Management, ndipo tinapeza kuti magemu onsewo ali pa akaunti ya munthu wina amene mnyamatayo samudziwa nkomwe. Mmene zimayendera ndi chonchi, mwini akaunti akaika makina ena kukhala ake enieni, pa sikirini amalemba Activate as Your Primary PS4, aliyense pa makinawo amasewera magemu ake. Tsiku lomwe mwiniwakeyo adzachotse makina anu pa akaunti yake, magemu onse aja amaoneka ndi kaloko pakona ndipo satsegukanso. Ndiye magemu a mkati musawawerengere pa mtengo, lipirani makina ndi madisiki omwe mukuwagwira m'manja. Palinso ma PS4 otsegulidwa, ochipa aja, omwe amakhala pa mapulogalamu akale ngati 9.00, mumaona pa Settings, System, System Information. Amadzadza magemu okopera koma pa PSN, netiweki ya PlayStation ya pa intaneti, salowa, ndipo mwana akangodina kuti apudeti zonse zathera pompo. Ine sindinafune zimenezo.

Yomwe ndinagula tinaiyesa pafupifupi ola lathunthu kunyumba kwa mwiniwake, ndipo munthu wokana kuti muyese mokwanira ingomusiyani. Tinapita ndi disiki yathu, kuilowetsa, kuitulutsa, kuilowetsanso, chifukwa ambiri amagulitsa makina oti mbali ya disiki inafa ndipo amabisa ndi magemu a mkati aja. Tinasewera mpaka itenthe kuti timve fani, kaphokoso pang'ono ndi kabwinobwino koma ikamalira ngati chigayo ndiye kuti mkati mwadzadza fumbi kapena mafuta oziziritsa pulosesa anauma, zimakonzeka koma muchotsere pa mtengo. Waya wa HDMI tinaugwedeza pang'ono kumbuyo, chithunzi chikamathima ndiye kuti polowera pake panatha, ndipo kukonza pamenepo ndi ntchito yowotcherera. Timapepala tomata pa zomangira kumbuyo tikakhala tong'ambika dziwani kuti inatsegulidwapo, funsani chifukwa chake. Kenako tinailumikiza ku intaneti ya pafoni nkulowa pa akaunti ya mlamu, kuti tione ngati makinawo sanaletsedwe pa PSN.

Padi nayo iyeseni payokha. Lowani mu gemu, siyani timitengo tonse tiwiri osakhudza, wosewera akamayenda yekha kapena kamera ikamatembenuka yokha ndiye kuti kamtengoko kanatha. Mapadi abodza ndi ambiri pamsika, amaoneka ofanana ndi enieni koma amapepuka m'manja, batire yake imatha msanga ndipo mabatani a L2 ndi R2 amakhala olimba modabwitsa. Padi yeniyeni yakale imaposa yabodza yatsopano.

Tisanachoke mwiniwake anachotsa akaunti yake ndipo tinapanga Initialize PS4 kuti iyambire poyera. Potsegula akaunti yanga Malawi pa mndandanda wa mayiko panalibe, ndinasankha South Africa monga ambiri amachitira, ndipo dziko limeneli mukasankha silisinthika, mavocha ogulira zinthu akuyenera kukhala a dziko lomwelo. Dziwaninso kuti kusewera FIFA kapena FC ndi anthu a pa intaneti kumafuna PlayStation Plus yolipira mwezi ndi mwezi, pomwe magemu aulere ngati eFootball, Fortnite ndi Rocket League safuna. Ine Plus sindinalipirepo, adani anga amabwera okha pakhomo Loweruka.

Nditafika nayo kunyumba mlamu anandisinthira zinthu ziwiri. Pa Settings, System, Automatic Downloads anachotsa timachongi tonse, apo ayi makinawo akangonunkhiza intaneti amayamba kukoka maapudeti mwakachetechete ndipo bandulo ya mwezi imatha usiku umodzi. Chinacho anandiletsa kuisiya pa Rest Mode, pomwe kagetsi kamakhala ka olenji. Imaoneka ngati yazima koma ikadali moyo, magetsi akathima ili choncho imadzuka ikudandaula kuti sinazimitsidwe bwino nkuyamba kudzifufuza, zikachitika kawirikawiri zomwe munasunga zitha kuwonongeka. Muzisankha Turn Off PS4, dikirani kagetsi kasiye kuphethira ndiye muzule. Ikayamba kuchedwa kapena kukanika kutsegula gemu magetsi atathima mwadzidzidzi, izimitseni, gwirani batani loyatsira mpaka ilire kachiwiri, lumikizani padi ndi waya, pa mndandanda womwe utuluke sankhani Rebuild Database. Imeneyo simafufuta magemu anu. Zomwe zili pansi pake zolembedwa Initialize ndiye zimafufuta zonse, musadine molakwitsa.

Yanga ili pa shelefu yotseguka, osati mkati mwa kabati, ndipo nyengo ya fumbi ya Seputembala ndi Okutobala ndimapukuta timabowo ta m'mbali ndi kaburashi kouma sabata iliyonse. Mphemvu zimakonda kufunda kwa kabokosi ka moto ka mkatimo ndipo zimawotcha makina, ndiye pafupi ndi PS musamadyerepo. Madisiki pano ndili nawo asanu koma ogula ndi awiri okha, enawo ndi osinthana, ndipo amene akubwereka yanga amasiya yake kaye.